Chitsime ndi chimbudzi: mamita 30 paokha sakwanira

M'mwezi wa February, mvula ikagwa masiku angapo osakata, madzi a m'zitsime zambiri za m'makomboni amakwera mpaka munthu kumatunga ndi chingwe chachifupi. Amayi amasangalala kuti ntchito yapepuka. Koma madzi omwewo, pansi pa nthaka, amakhala atakweranso m'dzenje la chimbudzi cha kuseri kwa nyumba, ndipo apa ndi pomwe kutsekula m'mimba ndi kolera zimapeza njira. Mliri wa kolera womwe unayamba ku Machinga mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo unakula kwambiri m'nyengo ya dzinja.

Alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chikhale mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa chitsime kapena mjigo. Amenewa ndi masitepe pafupifupi 40 a munthu wamkulu. Chikhalenso chakumunsi, chifukwa madzi a pansi nthawi zambiri amatsata kutsetsereka kwa malo. Mtundawu umapatsa dothi mpata wosefa zoipa, ndipo tizilombo tambiri timafa tisanafike pa chitsime. Pa sepitiki thanki, muyeso usayambire pa thankiyo ayi, koma pa dzenje la miyala lomwe madzi otuluka m'thankimo amakalowera pansi, chifukwa ndi pamenepo pomwe nthaka imamwera zonyansa.

Pali muyeso wachiwiri womwe okumba ambiri sautchula n'komwe. Pansi pa dzenje payenera kutsala dothi louma losachepera mita imodzi ndi theka musanafike pa madzi a pansi. Dothi louma limeneli ndi lomwe limagwira ntchito yaikulu yosefa. Likasowa, zonyansa zimalowa m'madzi mwachindunji n'kuyenda nawo kutali.

Tiyerekeze banja lomwe lagula poloti m'mphepete mwa dambo. Mu October akumba dzenje la mamita 3, louma gwa, pomwe madzi m'chitsime cha oyandikana nawo ali pa mamita 6. Zonse zikuoneka bwino. Pofika February madzi m'chitsimemo akwera, ali pa mamita 2 okha kuchokera pamwamba. Ndiye kuti mita yathunthu ya dzenje lija ili m'madzi omwe anthu akumwa. Banjali likadafunsa kwa eni chitsime kuti madzi amafika pati mvula ikachuluka, likadadziwa kuti pamalopo dzenje silingapitirire theka la mita. Njira yake ndi chimbudzi chokwezeka: kumanga dzenjelo m'mwamba ndi njerwa, kulipaka simenti, kuunjikira dothi m'mbali, ndi kuika masitepe okwerera. Chimadya ndalama zambiri poyamba, koma sichigwa mvula ikabwera.

Mtundu wa nthaka nawo umasintha zinthu. Makande amagwira madzi, choncho zonyansa siziyenda msanga, ngakhale dzenje limadzaza mofulumira. Mchenga umadutsitsa madzi mosavuta, ndipo makoma ake amagumuka ngati sanamangidwe. Poipa kwambiri ndi pa miyala yong'aluka. Ku Kanyama, mumzinda wa Lusaka, nthaka ili pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, ndipo madzi a m'zimbudzi amathamanga m'ming'aluyo osasefedwa. Derali linavutika kwambiri ndi kolera mu 2017 ndi 2018. Pamalo otere ngakhale mamita 30 sangateteze chitsime.

Vuto lina ndi lakuti mapoloti ambiri a m'tauni safika n'komwe mamita 30 m'litali, ndipo chimbudzi chowopsa chingakhale cha kuseri kwa mpanda. Zikatero madzi a pachitsime akhale ochapira ndi kukolopera basi. Akumwa athiridwe klorini kapena awiritsidwe.

Kusefukira kumayamba kawirikawiri ndi madzi ochokera pamwamba. Denga la malata lothira pafupi ndi chimbudzi, bafa lolozetsa madzi ake m'dzenje, silabu yokhala molingana ndi nthaka: zonsezi zimadzaza dzenje m'masiku ochepa. Silabu ikwezedwe ndithu, dothi lozungulira litsetsereke kuchoka pa chimbudzi, ndipo chakumtunda kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi. Paipi ya madzi a padenga isalowe konse mu sepitiki thanki. Dzenje likatsala theka la mita kuti lidzaze, nthawi yopopa kapena kukwirira yakwana, ndipo ntchitoyi ichitike mu September kapena October misewu ikadali yopitika ndi galimoto yopopa. Mchitidwe wobowola chimbudzi usiku kuti mvula ikokolole zam'kati ndi woipitsitsa, chifukwa zonsezo zimakathera pakhomo la wina kumunsi, pomwe ana amasewera.

Zizindikiro zimaoneka ngozi isanafike. Madzi a m'chimbudzi cham'nyumba akamatsika mochedwa n'kumalira m'mapaipi, kapena udzu pamwamba pa dzenje la miyala ukabiriwira kuposa wina pali chinyezi ndi fungo, nthaka yakhuta. Chitsime chikamachita matope mvula ikangogwa, madzi a pamwamba akulowamo, ndipo pakufunika khoma lokweza m'kamwa mwake, simenti yozungulira ndi chivundikiro. Madzi oyera mbee sakutanthauza kuti ndi abwino, poti tizilombo ta kolera sitioneka ndi maso. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo angathandize kuti madziwo ayezedwe ndi kuthiridwa mankhwala.