Kalata ya abwana akale pofunsira viza ya ntchito

Munthu akapeza ntchito kunja, mtima wake umathamangira ku pasipoti, ku tikiti ya ndege ndi ku ndalama za viza. Pepala lomwe ambiri amalikumbukira mochedwa ndi kalata yochokera komwe ankagwira ntchito kale, yotsimikiza kuti anayamba liti, anasiya liti, ndipo ankachita chiyani. Akalikumbukira amapita kwa abwana akale, abwanawo n'kulemba ndi mtima wabwino kuti uyu ndi munthu wolimbikira, waulemu ndi wokhulupirika, ndipo aliyense womulemba ntchito sadzanong'oneza bondo. Kalata yotere ndi yokoma kuiwerenga, koma kwa wounika mapepala a viza ilibe ntchito. Iye safunsa za khalidwe. Akufuna masiku, maola ndi ntchito zenizeni zimene manja anu ankagwira.

Nditenga Canada ngati chitsanzo chifukwa kumeneko nkhaniyi inayalidwa poyera. Boma la dzikolo lili ndi mndandanda wa ntchito zonse wotchedwa NOC, ndipo kuyambira mu Novembala 2022 nthambi yoona zolowa ndi kutuluka, IRCC, imagwiritsa ntchito manambala a madijiti asanu. Pansi pa nambala iliyonse pali chiganizo chofotokoza ntchitoyo, kenako zinthu zimene mwini ntchitoyo amachita tsiku ndi tsiku. Nthawi zambiri kampani ya ku Canada ikafuna kulemba mlendo imayamba yatenga chilolezo chotchedwa LMIA, chosonyeza kuti yasowa munthu woyenera m'dziko momwemo, ndipo chilolezocho chimatchula nambala ya ntchito ndi zomuyenereza munthu. Wounika amaika kalata yanu mbali iyi, zolembedwa pansi pa nambalayo mbali iyo, n'kuona ngati zikugwirizana.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Blantyre wapeza ntchito yosunga mabuku a ndalama pa kampani ina ya ku Canada, ndipo kampaniyo yanena kuti ikufuna munthu wa zaka zitatu pa ntchitoyo. Mayiyu anagwirapo pa sitolo yaikulu ya zitsulo ku Limbe. Kalata yoyamba imene am'patsa ikuti anagwira nawo kuyambira 2018 mpaka 2023 mu ofesi ya maakaunti, ndipo ankachita bwino. Iye akuwerenga zala, akupeza zaka zisanu, mtima uli m'malo.

Wounika sangawerenge choncho. Choyamba, "2018 mpaka 2023" ikhoza kukhala Januwale 2018 mpaka Disembala 2023, zomwe ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kapena Disembala 2018 mpaka Januwale 2023, zomwe ndi zaka zinayi ndi mwezi umodzi kapena iwiri. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, ofesi ya maakaunti muli ntchito zosiyana. Pa mndandanda uja akauntanti ali pa 11100, wosunga mabuku ali pa 12200, kalaliki wa maakaunti ali pa 14200. Kwathu kuno onse atatu timangowatchula kuti akauntanti, ndipo pa kampani yaing'ono amakhala pa tebulo limodzi. Kumeneko ndi ntchito zitatu, ndipo zaka za imodzi siziwerengedwa pa inzake mwachisawawa.

Mayiyu atabwerera ku Limbe n'kutsegulitsa fayilo yake, zoona zake zikutuluka motere. Analembedwa pa 5 Febuluwale 2018 ngati kalaliki: kulemba mainivoisi, kusanja malisiti, kulowetsa manambala mu kompyuta. Pa 1 Julayi 2020 anakwezedwa, n'kuyamba kusunga buku lalikulu la maakaunti, kuyanjanitsa mabuku a sitolo ndi sitetimenti ya kubanki mwezi ndi mwezi, kukonza malipiro a antchito, ndi kukonza mafomu a msonkho opita ku MRA. Anasiya pa 31 Malichi 2023. Ndiye kuti pa ntchito imene akuifunsira, ya pa 12200, sitoloyo ingachitire umboni zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi inayi. Pakupereweza miyezi itatu.

Apa ndi pamene mayesero amabwera. Abwana ndi odziwana nawo, anali ngati bambo, bwanji osangowapempha kuti alembe kuti ukalaliki unatha mu 2019? Ndikukupemphani, musatero. Pa lamulo la Canada, munthu wopezeka kuti wanama pa chinthu chokhudza pempho lake amaletsedwa kulowa m'dzikomo kwa zaka zisanu, ndipo ku Britain chiletso cha chinyengo chimatha kufika zaka khumi. Komanso mafomu a viza a maiko ambiri amafunsa ngati munakanizidwapo kwina kulikonse, kotero bodza la miyezi itatu limakutsatirani m'maiko omwe simunawaganizire n'komwe. Mayi wathuyu safunikira kunama. Kuyambira pa 2 Meyi 2023 wakhala akusunga mabuku pa kampani ina, ndiye angotenga kalata yachiwiri kumeneko, zaka zitatu zikwana n'kupitirira. Mwezi wa Epulo 2023, umene anakhala pakhomo, aulembe pa fomu monga momwe unalili.

Kalata yabwino ya ku Limbe ija ikhala pa pepala la kampani, lokhala ndi dzina, keyala, foni ndi imelo. Itchula dzina la mayiyo monga lilili m'pasipoti, osati la kubanja ngati pasipoti ili ndi la kwa makolo. Kenako maudindo awiriwo alembedwa padera, uliwonse ndi tsiku loyamba ndi lomaliza, ntchito zake, maola a pa sabata, malipiro a pa chaka ndi zina zomwe ankalandira. Pansi asayina amene ankamuyang'anira kapena mkulu woona za antchito, n'kulemba dzina lake, udindo wake ndi tsiku. Chidindo n'chabwino kukhalapo, koma sichilowa m'malo mwa zonsezi.

Maola ndi amene amaiwalika kawirikawiri, chifukwa kwathu ntchito timaiwerenga ndi miyezi. Ku Canada maola 30 pa sabata ndiwo ntchito yathunthu. Pa ndondomeko ya Express Entry, ya ofuna kukhazikika, chaka chimodzi ndi maola 1,560, kotero amene ankagwira maola 15 pa sabata amafunika zaka ziwiri kuti akwanitse chimodzi, pomwe amene ankagwira maola 48 samuonjezera kanthu kupitirira 30 aja. Kalata ikapanda maola, wounika alibe poyambira kuwerenga.

Pa kafotokozedwe ka ntchito pali misampha iwiri. Wina amalemba mzere umodzi, kuti ankagwira ntchito zonse za mu ofesi, zomwe sizinena kanthu. Wina, atamva za NOC, amakopera mizere ya pa intaneti liwu ndi liwu n'kupita nayo kwa abwana kuti asayine. Wounika amaiona mizere imeneyo tsiku lililonse, ndipo sitolo ya zitsulo ya ku Limbe ikayamba kulankhula ndendende ngati boma la Canada amayamba kukayika. Ndi bwino kuwerenga mizereyo kuti mudziwe zofunika kutchula, kenako n'kulemba zimene munkachitadi m'mawu a pamalopo: maakaunti angati a kubanki, malipiro a antchito angati, pulogalamu iti ya kompyuta. Palibe cholakwa kuti inu mulembe poyamba n'kuwapatsa abwana kuti akonze, popeza ambiri sadziwa zimene zikufunika. Chachikulu n'chakuti zikhale zoona, ndipo wosayinayo aziwerenge n'kuzivomera.

Nanga abwana akakana? Sikuti aliyense anachoka pa ntchito akugwirana chanza. Ku Malawi ndime 31 ya lamulo la ntchito la 2000 imati ntchito ikatha, wantchito akapempha, wolemba ntchito am'patse satifiketi yotchula dzina ndi keyala ya kampani, mtundu wa bizinesi yake, nthawi imene munthuyo wagwira mosadukiza, udindo umene anali nawo pochoka ndi malipiro ake pa tsikulo. Chifukwa chochokera chimalembedwa pokhapokha mwini wake atapempha, chimodzimodzinso maganizo a abwana pa kagwiridwe kake ka ntchito. Ndiye ngakhale munasiyana mokangana, pepala limeneli ndi lanu, ndipo akakukanizani mukhoza kukadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Koma taonani malire ake: lamulo silikakamiza kuti alembe maola kapena ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo limangotchula udindo womaliza. Kwa mayi wathu, satifiketi yokhayo sikanasonyeza tsiku limene anakwezedwa. Zotsalazo muyenera kuzipempha mwaulemu, kapena kuzionetsa ndi mapepala ena, monga kontirakiti ndi kalata yokukwezani.

Mapepala enawo ndi ofunika ngakhale kalata ili bwino. Mapepala a malipiro, sitetimenti ya kubanki yosonyeza malipiro akulowa mwezi uliwonse, umboni wa msonkho wodulidwa, ndi sitetimenti ya penshoni, zonsezi zimanena masiku popanda kukondera. Penshoni ndi mboni yabwino kwambiri, chifukwa kuyambira 2011 lamulo limakakamiza olemba ntchito ambiri kuisonkha, ndipo kampani yosunga penshoniyo imakhalabe ndi mbiri yanu ngakhale sitolo itatsekedwa. Koma mboni yomweyo ikhoza kukugwetsani. Kalata ikati munayamba mu Febuluwale pomwe penshoni ikuyamba mu Ogasiti, fotokozani nokha m'kalata yaifupi kuti chinachitika n'chiyani, musadikire kufunsidwa.

Kampani ikakhala kuti inatha, funani amene anali kukuyang'anirani kuti alembe zimene akudziwa ndipo alumbire kwa loya wovomerezeka kulumbiritsa, aikepo foni yake ndi umboni woti iyenso ankagwira pamenepo. Umboni wotere ndi wopepuka poyerekeza ndi kalata ya kampani, ndipo wounika akhoza kuulandira kapena kuukana. Amene amavutika kwambiri ndi amene ankalandira malipiro pamanja, m'magalaja ndi m'malesitilanti, popanda pepala lililonse. Zimandipweteka kuona makaniko wa zaka khumi ndi zisanu, wodziwa injini kuposa wina aliyense m'tauni, akulephera kutsimikiza ngakhale chaka chimodzi. Ngati muli pa ntchito yotere, yambani lero kupempha kasilipi kosayinidwa mwezi uliwonse, kapena kuti malipiro azidzera kubanki kapena pafoni. Amene anagwira ntchito ku Tete kapena ku Nampula akumbukirenso kuti Canada imalandira mapepala a Chingerezi kapena Chifalansa. Kalata ya Chipwitikizi iyenera kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka, osati ndi inu kapena m'bale wanu.

Chomaliza ndi foni. Ounika ali ndi mphamvu yoimba kapena kulemba imelo kuti atsimikize, ndipo nthawi zina amaterodi. Nambala ikakhala yakufa, kapena woyankha akati dzina limenelo sakulidziwa chifukwa abwana anasayina okha osauza aliyense, kalata yoona imaoneka ngati yogula kwa madobadoba. Musanatumize, imbani nokha nambala imene ili pa kalatayo, muone amene ayankhe, ndipo pemphani kuti kope la kalatayo liikidwe m'fayilo yanu ku ofesiko.

Ndipo inu mabwana, wantchito wanu wakale akabwera ndi pempho ili, tsegulani fayilo yake musanagwire cholembera. Lembani masiku ake enieni, maola ake ndi ntchito zake, ndipo foni ikadzalira muyankhe.