Mawu Akamayamikira Pamene Mtima Ukudzudzula: Kumvetsa Msemphano ndi Mnyozo

Msemphano ndi kalankhulidwe kapena kalembedwe kamene munthu amanena mawu ena koma akutanthauza zosiyana ndi mawuwo, ndipo amafuna kuti womva azindikire yekha kusiyanako. Mwana akaswa mbale, mayi ake amatha kunena kuti, "Wachita bwino, katengenso inayo uswe." Palibe mwana amene amathamangira kukatenga mbale yachiwiri. Amamva m'liwu la mayi ake, amaona nkhope yawo, ndipo zidutswa za mbale zili pansi pomwepo kuchitira umboni kuti palibe chabwino chimene chachitika.

Vuto limabwera mawu otere akakhala papepala. Liwu kulibe, nkhope kulibe, diso lotsinzina kulibe. Wowerenga amatsala ndi mawu okhaokha, ndipo akawatenga mmene alili amachoka atamva zosemphana ndi zimene mlembi ankafuna. N'chifukwa chake ophunzira ambiri amalephera mafunso a kumvetsa nkhani ngakhale kuti mawu onse a m'ndimeyo akuwadziwa, ndiponso anthu amakwiyira mlembi wa m'nyuzipepala amene kwenikweni ali kumbali yawo.

Msemphano si bodza, ngakhale zonse ziwiri zimanena zimene wolankhula sakuzikhulupirira. Wabodza safuna kugwidwa, choncho amafafaniza mapazi ake. Wolemba msemphano amafuna kugwidwa, choncho amasiya zizindikiro mwadala. Mnyozo nawo ndi msemphano umene wanoledwa kuti ulase munthu wodziwika bwino amene akunenedwayo. Munthu akayang'ana mvula ikukhuthuka pa chimanga chimene anayanika n'kunena kuti "lero ndiye kwacha bwino," wanena msemphano koma sanalase aliyense. Akauza mnzake amene wafika msonkhano utatha kuti "mwalawirira ndithu achimwene," wanyoza. Mnyozo wodziwika kwa owerenga Baibulo uli pa 1 Mafumu 18, pamene Eliya pa phiri la Karimeli akulimbikitsa aneneri a Baala kufuula kwambiri, ati mwina mulungu wawo ali pa ulendo kapena wagona. Eliya sankakhulupirira kuti Baala angadzuke. Pamenepo wowerenga savutika, chifukwa wolemba nkhaniyo ananeneratu kuti Eliya ankawaseka. Ndime zambiri sizipereka thandizo lotere.

Njira yozindikirira imaoneka bwino pa chitsanzo. Nayi ndime yopeka, yolembedwa ngati kalata yopita kwa mkonzi wa nyuzipepala:

"Ife a m'mudzi muno tili ndi mwayi waukulu. Mlatho umene anatimangira chaka chatha unali wolimba kwambiri, moti unapirira mvula masabata atatu athunthu usanakokoloke. Tsopano ana athu akuphunzira kusambira kwaulere m'mawa uliwonse popita kusukulu. Amayi oyembekezera nawo apumula ku ulendo wautali wa kuchipatala, popeza njira kulibe. Tikuthokoza amene anagwira ntchitoyi, ndipo tikupempha kuti apatsidwe ina."

Chiganizo choyamba pachokha sichikayikitsa, pakuti mudzi ungathedi kukhala ndi mwayi. Chikayiko chimayamba pa chiganizo chachiwiri. Mawu akuti "wolimba kwambiri" akuyamikira, koma umboni umene waperekedwa ndi wa masabata atatu, pamene aliyense amadziwa kuti mlatho umamangidwa kuti ukhale zaka zambiri. Mawu oyamikira ndi zochitika zimene akufotokoza zikukokerana kosiyana, ndipo ichi ndicho chizindikiro chachikulu kuposa zonse. Liwu lakuti "athunthu" likuwonjezera moto, chifukwa likuchititsa masabata atatu kumveka ngati nthawi yodabwitsa. Kukokomeza chinthu chaching'ono chotero, kapena kuchepetsa chinthu chachikulu, ndi chizindikiro chachiwiri.

Ziganizo zotsatira zikutenga tsoka n'kuliveka dzina la phindu. Ana amene akuwoloka mtsinje wodzaza ali pangozi yomira, koma kalatayo ikuti akuphunzira kusambira, ndiponso kwaulere. Mayi woyembekezera amene sangafike kuchipatala angathe kutaya moyo, koma kalatayo ikuti wapumula. Palibe kholo la mutu wabwino limene lingaganize motero. Wowerenga akafika apa amakhala ndi njira ziwiri zokha: kunena kuti mlembiyo ndi wamisala, kapena kuvomereza kuti akutanthauza zina. Popeza kalatayo yalembedwa mwadongosolo ndipo mfundo iliyonse yasankhidwa mosamala, njira yachiwiri ndiyo yomveka.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akazindikira kuti ndimeyo ndi ya msemphano, amatembenuza chilichonse, n'kuyamba kukayikira ngati mlathowo unakokolokadi kapena ngati ana akuwolokadi mtsinje. Mu msemphano wa mtundu uwu zochitika zimakhala zoona ndipo zimasiyidwa mmene zilili. Chimene chimatembenuzidwa ndi maganizo a mlembi pa zochitikazo. Mlatho unakokolokadi patatha masabata atatu, ana akuwolokadi m'madzi, njira ya kuchipatala yadukadi. Koma "mwayi" ndi tsoka, "wolimba" ndi wosalimba, "tikuthokoza" ndi kudandaula, ndipo pempho lakuti womangayo apatsidwe ntchito ina likutanthauza kuti asadzapatsidwenso. Wophunzira amene wafunsidwa maganizo a mlembi ayenera kuyankha kuti mlembi wakwiya ndi ntchito yosalongosoka, kenako aonetse mawu amene akutsimikizira zimenezo, monga kusemphana kwa "wolimba kwambiri" ndi "masabata atatu."

Funso lina lofunika ndi lakuti muvi walunjika kwa yani. Wowerenga wopupuluma angaganize kuti kalatayo ikuseka ana ndi amayi oyembekezera, n'kuiona ngati yankhanza. Koma iwo atchulidwa kuti kukula kwa vutolo kuoneke, ndipo amene akulasidwa ndi womanga mlatho pamodzi ndi amene anamupatsa ntchito. Chiganizo chomaliza ndicho chasandutsa msemphanowo kukhala mnyozo, chifukwa chaloza munthu.

Msemphano ungathe kudzaza nkhani yonse kuyambira pamutu mpaka kumapeto. Chitsanzo chotchuka ndi kabuku ka Jonathan Swift kotchedwa A Modest Proposal, kamene kanatuluka ku Dublin m'dziko la Ireland mu 1729, popanda dzina la mlembi. Swift anali mkulu wa tchalitchi cha St Patrick mumzindawo, ndipo ankaona umphawi wadzaoneni wa anthu a ku Ireland pansi pa ulamuliro wa Angerezi ndi eni minda olemera. M'kabukuko amalankhula ndi munthu wodzionetsa ngati katswiri wofatsa wa zachuma, amene akupereka nzeru yakuti amphawi azigulitsa ana awo a chaka chimodzi kwa olemera kuti akhale chakudya. Katswiriyo amawerengera zonse modekha: mwa ana 120,000 obadwa kwa makolo osauka chaka chilichonse, 20,000 asungidwe kuti adzabereke ena, ndipo 100,000 agulitsidwe.

Chizindikiro pano ndi kusemphana kwa kufatsa kwa mawu ndi kuopsa kwa nkhaniyo. Chinthu chimene mtima wa munthu aliyense umakana chikukambidwa ngati malonda a mbuzi, ndipo ngakhale mutu wa kabukuko ukutchula nzeruyo kuti ndi yodzichepetsa. Swift anasiyanso zizindikiro zina ziwiri. Penapake wolankhulayo akunena kuti chakudyacho n'choyenera eni minda popeza iwo anadya kale makolo a anawo, ndipo pamenepo mkwiyo weniweni wa mlembi ukusuzumira. Chakumapeto akutchula njira zina zothetsera umphawi, monga kukhometsa msonkho eni minda okhala kunja ndi kugula katundu wopangidwa m'dziko momwemo, n'kuzikana kuti zisakambidwe. Njira zokanidwazo ndizo zimene Swift ankazifuna. Phunziro lake ndi lakuti wolankhula m'nkhani si mlembi nthawi zonse. Mlembi angapange munthu woti alankhule zoipa n'cholinga choti wowerenga anyansidwe nazo.

Zizindikiro zikachepa, msemphano umatembenukira mwini wake. Mu 1702 Daniel Defoe, amene pambuyo pake analemba Robinson Crusoe, anatulutsa kabuku kotchedwa The Shortest Way with the Dissenters. Analemba ngati mtsogoleri wouma mtima wa mpingo wa boma ku England, wofuna kuti Akhristu okana mpingowo athetsedwe mwankhanza, chikhalirecho Defoe mwiniyo anali mmodzi wa okanawo. Anatsanzira adani ake bwino kwambiri moti ena mwa iwo anagwirizana ndi kabukuko, ndipo anzake ena anachita mantha. Zoona zitadziwika anamangidwa, ndipo mu Julaye 1703 anaimikidwa pagulu masiku atatu, mutu ndi manja zili m'thabwa lobowola. Kusiyana kwake ndi Swift n'koonekeratu. Kudya ana palibe amene akanakuvomereza, koma kuzunza a mpingo wina kunali ndi anthu okufuna m'masiku amenewo, choncho mawu a Defoe sanapitirire malire a zimene munthu akanatha kunena ndi mtima wonse.

Nkhani ya Defoe ikuonetsa malire a luso lonseli. Msemphano umadalira zimene mlembi ndi wowerenga akudziwa limodzi. Munthu wosadziwa kuti mlatho uyenera kukhala zaka zambiri sangaone cholakwika pa masabata atatu. Ndime yochokera kudziko lina kapena kunthawi yakale imafuna kuti wowerenga adziwe kaye amene analemba, amene ankawalembera, ndi zimene zinkachitika panthawiyo. Chiganizo chimodzi chochotsedwa pakati pa anzake sichingaweruzidwe n'komwe, chifukwa mawu akuti "tikuthokoza amene anagwira ntchitoyi" ali okha ndi kuthokoza basi.

Palinso kulakwa kwa mbali inayo, kumene kumagwira anthu amene angophunzira kumene za msemphano: amayamba kuuona paliponse. Mawu a maliro oyamikira womwalira, kapena kalata yothokoza namwino amene anathandiza wodwala usiku, angakhale ndi mawu okokomeza koma ochokera pansi pa mtima. Kukokomeza pakokha si umboni. Zizindikiro zolembera monga mfuwuliro kapena mitengero zimathandiza nthawi zina, monga pamene munthu walemba kuti "akatswiri" athu mawuwo atatsekeredwa, koma olemba aluso kawirikawiri sazigwiritsa ntchito. Umboni wodalirika ndi kusemphana kumene wowerenga angakuloze ndi chala, pakati pa mawu ndi zochitika za m'ndimemo, pakati pa mawu ndi zimene aliyense amadziwa, kapena pakati pa mawu ndi zimene mlembiyo amadziwika kuti amakhulupirira. Kusemphana kotero kukasowa, ndimeyo iyenera kumvedwa monga momwe yalembedwera.