Mukafuna kusiya choko: zolemba pa About ya LinkedIn

Tiyerekeze mayi wina amene waphunzitsa masamu kusekondale kwa zaka 6. Tsopano akufuna kusiya choko kuti alowe ntchito ya kalondolondo wa mapulojekiti m'mabungwe omwe si aboma, ija pa zotsatsa ntchito amailemba kuti M&E. Watsegula LinkedIn pafoni, wafika pabokosi lolembedwa About, n'kulemba kuti: "Ndine munthu wolimbikira, womvana ndi anzanga, ndipo ndikusaka mwayi uliwonse wa ntchito."

Bodza mulibe m'mawuwa. Vuto ndi lakuti aliyense angathe kulemba zomwezi, kaya ndi namwino, kaya ndi dalaivala. Ndiye wolemba anthu ntchito akatsikira m'munsi, pa Experience, apeza uphunzitsi wokhawokha, ndipo adutsa poganiza kuti mayiyu akufuna sukulu ina. Kwa munthu amene akusintha ntchito, About ndi malo omwe angafotokozepo momasuka kumene akuchokera ndi kumene akulowera.

Bokosili limalandira zilembo 2,600, kuphatikizapo mipata, koma zimenezi zisakunamizeni. Woyang'ana amaona mizere pafupifupi itatu yokha, zotsalazo zimabisika mpaka atadina see more, ndipo pafoni mizereyo imatenga mawu ochepa kwambiri. Ife tidazolowera kuyamba ndi malonje. Pano malonje amakudyerani malo.

Choncho chiganizo choyamba chitchule ntchito yomwe mukupitako, ndi dzina lenileni lomwe olemba ntchito amagwiritsa ntchito. Iwowo amasaka anthu potayipa mawu monga Monitoring and Evaluation, Excel kapena KoboToolbox, ndipo ngati mawuwo mulibe mu mbiri yanu, n'kovuta kuti mutuluke pa mndandanda wawo. Mawu oyenera simuchita kulota. Tengani zotsatsa zisanu za ntchito yomwe mukufuna, muwerenge, mudule mzere kunsi kwa mawu amene akubwerezedwa. Mwa amenewo tengani okhawo omwe mungawayankhire pa intavyu osachita chibwibwi.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mayi uja amadziona ngati mphunzitsi basi, koma tamufunsani zomwe amachita teremu ikamatha. Amasonkhanitsa malikisi a makalasi anayi, kuwalowetsa mu Excel, kusaka pomwe mnzake walakwitsa polemba, kuyerekeza ndi a teremu yatha, kenako kulemba lipoti lopita kwa ahedi. Kutolera manambala, kuwakonza, kuwasanthula ndi kuwafotokozera akuluakulu: ndi gawo lalikulu ndithu la ntchito ya kalondolondo. Chomwe chimasowa ndi kuitchula m'chilankhulo cha kumene akupitako. About yake, yomwe mwina adzailemba m'Chingerezi poti ndicho cha zotsatsa zambiri kuno, ingakhale ndi mfundo izi:

"Ndikulowa ntchito ya Monitoring and Evaluation nditaphunzitsa masamu kwa zaka 6. Teremu iliyonse ndakhala ndikusanthula mu Excel zotsatira za ophunzira 240 ndi kulemba malipoti omwe sukulu imagwiritsa ntchito posankha ofunika makalasi apadera mayeso a MSCE asanafike. Chaka chatha ndidaphunzira KoboToolbox, ndipo ndidapanga fomu yotolera zifukwa zomwe ana amajombera. Ntchito imeneyi ndi yomwe idandikoka: ndidaona kuti manambala osungidwa bwino amasintha zomwe akuluakulu amagamula. Ndikufuna ntchito ya M&E Assistant m'mapulojekiti a zamaphunziro, ku Lilongwe kapena ku Zomba."

Taonani kuti chifukwa chosinthira chatenga chiganizo chimodzi chokha, ndipo chikuloza kutsogolo. Za kuchedwa kwa malipiro kapena kukula kwa makalasi sizinalowe. Zoona zili zoona, koma wowerenga akamva madandaulo amayamba kuganiza zomwe mudzanene za iye mukadzachoka. Taonaninso kuti sanadzitche katswiri wa M&E. Atatero, funso loyamba pa intavyu lingamuvule.

Amene mwangomaliza kumene kuyunivesite, njira ndi yomweyi. M'malo mwa zaka za ntchito ikanipo kafukufuku wanu wa chaka chomaliza kapena ntchito yomwe mudagwira pa atachimenti: mudafunsa anthu angati, mudasanthula ndi pulogalamu yanji, mudapeza chiyani.

Chinthu chimodzi mayiyu asamale. Ngati akadali pantchito, adziwe kuti About imawerengedwa ndi aliyense, ahedi ake omwe. Angasankhe kuchotsa chiganizo chomalizacho n'kugwiritsa ntchito Open to work, posankha kuti aone olemba ntchito okha, ngakhale LinkedIn yeniyeniyo imanena kuti singalonjeze chinsinsi chathunthu.

Mukamaliza kulemba, tumizirani mnzanu mizere itatu yoyambayo, mumufunse kuti mukufuna ntchito yanji. Akayankha kuti uphunzitsi, kapena akayamba kukanda m'mutu, fufutani muyambirenso.