Bondi ya zaka 100 ndi masamu osokeretsa

Mu June 2020 boma la Austria linabwereka ndalama pogulitsa bondi, chikalata cha ngongole, yoti idzabwezedwe mu 2120. Chiwongoladzanja chake ndi 0.85 peresenti pachaka. Pofika 2023 chiwongoladzanja pamsika chinali chitakwera, ndipo mtengo wa bondiyo unagwa kupitirira theka, popeza anthu sagula chikalata cholipira zochepa pamtengo wakale pamene zatsopano zikulipira zambiri.

Ogulitsa ndi kugula mabondi amayerekeza kugwaku ndi muyezo wotchedwa dyuresheni, umene umanena kuti mtengo utsika ndi maperesenti angati chiwongoladzanja chikakwera ndi 1 peresenti. Dyuresheni ya bondi ya Austria inali pafupifupi 67. Ndiye kuti chikakwera ndi 2 peresenti, mwini bondi ataya 134 peresenti ya ndalama zake! Zimenezi sizingatheke.

Cholakwika chili apa: dyuresheni imaona ngati mtengo umatsetsereka mofanana njira yonse. Koma umatsika ngati phiri, kumtunda kotsetsereka kwambiri, kumunsi kwachidikha. Kupindika kumeneku ndiko kumatchedwa konivekisiti, ndipo kumawonjezedwa chonchi:

```
ΔP/P ≈ −D × Δy + ½ × C × (Δy)²
```

D ndi dyuresheni, C ndi konivekisiti, Δy ndi kusintha kwa chiwongoladzanja.

Tiyerekeze bondi yosalipira kanthu pakati, yodzapereka madola 1,000 pakatha zaka 30. Chiwongoladzanja chikakhala 4 peresenti, mtengo wake lero ndi madola 308, dyuresheni ili pafupifupi 29, konivekisiti 860. Tsono chikwere kufika 6 peresenti. Dyuresheni yokha ikuti mtengo ugwa ndi 58 peresenti, kufika madola 130. Gawo lachiwiri lija likubwezapo 17 peresenti, yankho n'kukhala madola 183. Mtengo weniweni, powerengera mwachindunji, ndi madola 174. Wonyalanyaza konivekisiti waphonya ndi madola 44, woigwiritsa ntchito waphonya ndi 9 okha.

Chiwongoladzanja chikatsika kufika 2 peresenti, dyuresheni iperewerabe: inena madola 486 pamene mtengo weniweni ndi 552. Pa bondi yotere imakulitsa kutaya ndi kuchepetsa phindu.

Nanga ingasiyidwe liti? Popeza Δy imachulukitsidwa ndi iyo yomwe, kusintha kukachepa kakhumi, gawo la konivekisiti limachepa ka 100. Chiwongoladzanja chikasuntha ndi 0.1 peresenti, pa bondi yomweyi gawoli silifika ngakhale 0.05 peresenti ya mtengo. Pa ngongole za boma za masiku 91 silioneka n'komwe.

Pofunika kusamala ndi pamene bondi ili ya zaka zambiri, yolipira pang'ono pachaka, ndipo chiwongoladzanja chasuntha ndi 1 peresenti kapena kuposa. Kusinthako kukakula kwambiri, ngakhale konivekisiti imayamba kuphonya, ndipo akatswiri amangowerengera mtengo wonse mwatsopano.