Kukula kwa vuto si changu chake

Anzanga olemba mapulogalamu amasokoneza zinthu zitatu mu Jira. `Severity` imanena kukula kwa chiwonongeko, `Priority` imanena choyamba kukonzedwa, pomwe `Status` imangosonyeza pamene ntchito yafika.

Tiyerekeze pulogalamu yolembera odwala ku Ntchisi ikufufuta malipoti apachaka. Vutolo ndi lalikulu, koma ngati malipotiwo akufunika Disembala, lingadikire sabata imodzi. Dzina la Mponela litalembedwa molakwika pa fomu yosindikizidwa mawa, kavutoko nkakang'ono koma nkachangu.

Chisokonezo ndimachiona pamene aliyense asankha `Highest` pofuna kuti amveke. Woyesa pulogalamu ndiye ayeze kukula kwa vuto. Mwini ntchito asankhe choyamba. `In Progress` sikutanthauza kufunika: pena munthu anangoyamba chosavuta.