Botolo la saipa m'manja mwa mlimi wa tomato

Malangizo a pa botolo la saipamethirini, amene alimi amangoti saipa, nthawi zambiri amalembedwa m'Chingerezi. Mlimi akakupatsani kuti mumumasulire, yambani mwaona ngati tomato ali m'gulu la mbewu zolembedwapo, kenaka pitani pa muyeso.

Tiyerekeze kuti palembedwa 10 ml/10 L. Muuzeni kuti, “Bambo, ndi mamililita 10 a mankhwala m'malita 10 a madzi.” Musalekere pomwepo, funsani kukula kwa sipuleya yake. Ngati ndi ya malita 16, athire mamililita 16, ndipo muonetseni mzere wake pa jakisoni wopanda singano. Zoyezera chivindikiro ayi, poti zivindikiro zimasiyana. Ayambe kuthira madzi theka, kenaka mankhwala, adzadzitse ndi kukhutchumula. Koma pakalembedwa ml/ha, muyesowo ndi wa hekitala yonse. Ameneyo ndi msampha, ndi bwino kufunsa alangizi.

Tizithunzi ta m'munsi mwa pepalalo tikusonyeza magolovesi a mphira, magambuti, magalasi ndi chophimba kumphuno. Magolovesi a nsalu amamwa mankhwala, saipa n'kuyamba kuyabwa ndi kutentha pakhungu.

Pomwe ambiri amalumpha ndi polembedwa PHI, masiku odikira asanakolole. Ngati ndi 7, musangoti “sabata”. Mutchulireni tsiku: akapopera Lolemba, athyole Lachiwiri la sabata yotsatira, ngakhale mavenda atafika ndi ndalama m'manja. Tomato amene wapsa kale athyoleretu asanapopere.