Nkhani ya wojambula wachinyamata ndi chikuto chokanidwa

Nkhani yaifupi yamtunduwu imazungulira chochitika chimodzi: ntchito yakanidwa, ndipo mwini wake akumva ngati wakanidwa ndi iyeyo. Mwachitsanzo, mtsikana wongoyamba kumene ntchito yojambula zikuto za mabuku wapereka chikuto cha buku la ana, mkulu wake n'kunena kuti, “Mutu suwerengeka, mitundu ikulimbana. Mulibe luso inu.”

Mlembi waluso sathamangira kumutonthoza. Amamusiya awawidwe mtima kaye, mwina mpaka kuganiza zosiya ntchito, chifukwa popanda ululuwo kusintha kwake sikungakhulupirike. Nkhani imakhota pamene mtsikanayo abwerera ku mawu aja n'kuwasiyanitsa. Awiri oyambawo akunena za chikuto, ndipo angathe kuyesedwa. Iye akuchisindikiza, kuchipachika pakhoma, n'kuima chapatali ngati wogula m'sitolo. Zoonadi zilembo zachikasu zikusowa pa pepala loyera, ndipo kofiira ndi kobiriwira, zowala mofanana, zikutopetsa maso. Akudetsa zilembozo, kuzikulitsa, n'kuzimiritsako kobiriwirako. Mawu achitatu aja, akuti alibe luso, sakuloza chilichonse choti akonze, choncho akuwasiya.

Nkhani zambiri zimagwa pamathero. Mkulu uja akangotembenuka n'kuyamba kuyamikira, ndiye kuti ulemu wa mtsikanayo udakali m'kamwa mwa munthu wina, ndipo sanaphunzire kanthu. Ndi bwino mkuluyo apezenso cholakwa pa chikuto chachiwiri, mtsikanayo n'kufunsa modekha kuti, “Bwana, ndi pati penipeni pamene sipakuoneka bwino?”